Satifiketi ya malo ikatayika, yambani mwaona kaye za m'kaundula

Anthu ambiri amene ataya satifiketi ya malo awo amakhala ndi mantha amodzi, akuti amene watola pepalalo watola nyumba yomwe. Mantha amenewa ndi amene amawathamangitsira kwa madobadoba, amene amalonjeza pepala latsopano Lachisanu lisanakwane. Ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki pa ofesi ina ya maloya ku Lilongwe, ndipo mbali yaikulu ya ntchito yanga inali kunyamula mafayilo kupita nawo ku kaundula wa malo. Kumeneko ndinaona kuti kutayika kwa pepala nthawi zambiri ndi vuto laling'ono. Chimene chimachedwetsa anthu ndi zimene zinalembedwa m'kaundula zaka zapitazo iwo osadziwa, kapena zimene zinayenera kulembedwa koma palibe anapita kukazilembetsa.

Malo ambiri a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu ali pansi pa lamulo la kaundula wa malo la 1967. Pansi pa lamuloli, umwini wa malo uli m'buku la boma, osati m'pepala limene mwasunga m'sutikesi. Poloti iliyonse ili ndi tsamba lake, ndipo tsambalo lili ndi zigawo zitatu. Choyamba chimafotokoza malowo: ali kuti, ndi aakulu bwanji, ndipo ngati ndi lizi, ndi ya zaka zingati kuyambira liti. Chachiwiri chimatchula mwini wake. Chachitatu chimalemba zonse zimene zamanga malowo, monga ngongole ya ku banki. Satifiketi imene anakupatsani imangosonyeza zimene zinali pa tsambalo tsiku limene inatulutsidwa. Munthu akaitola pa msewu sakhala mwini malo, chifukwa kuti dzina lisinthe m'kaundula pamafunika chikalata chosamutsa umwini chosainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni yovomerezeka. Koma sindikunena kuti mukhale phee. Wakuba amene ali ndi satifiketi yeniyeni m'manja savutika kunamiza wogula kapena wobwereketsa ndalama, ndipo wina akabera siginecha yanu, pepala lenilenilo limathandiza kuti bodza lakelo lioneke ngati loona.

Musanapite kulikonse, dziwani kaye mtundu wa pepala limene mwataya, chifukwa anthu timangoti "mapepala a malo" pa zinthu zosiyana kwambiri. Ngati malo anu ali ndi nambala ya tayitolo, yoyamba ndi dzina la dera, monga Bwaila kapena Alimaunde ku Lilongwe, ndiye kuti ali m'kaundula amene ndikunenayu, ndipo mungathe kupempha satifiketi yatsopano. Koma m'madera amene kaundulayu sanafikeko muli njira ina yakale, yolembetsa zikalata zokha, ndipo lizi yanu imadziwika ndi nambala ya didi. Kumeneko boma linasunga kope ya chikalata chimene munasainirana, ndiye chimene mumapempha ndi kope yotsimikizidwa ya chikalatacho. Ndiye pali anthu ena ambiri amene zimene ataya ndi kalata ya ofa, ija yonena kuti mwapatsidwa poloti, kapena kalata ya amfumu, kapena mgwirizano wogulitsana wolembedwa pa pepala la m'kope. Amenewa kaundula sangawapatse satifiketi yolowa m'malo, popeza sanakhalepo nayo. Ayenera kubwerera kumene kalatayo inachokera, kaya ndi ku khonsolo, kaya ku bungwe lomanga nyumba la boma, kaya kwa amfumu.

Nkhani imene ndikuidziwa bwino ndi ya azakhali anga, alongo awo a bambo anga. Amuna awo atamwalira, anatsala m'nyumba imene anamanga limodzi pa poloti ya lizi ya zaka 99. Patapita nthawi anafuna kumanga tinyumba ta lendi kuseri, ndipo ku banki anawauza kuti abweretse satifiketi ya lizi kuti ikhale chikole. Anafufuza m'nyumba monse osaipeza. Pa nthawi ya maliro munalowa anthu ambiri m'chipinda chogona, katundu anasunthidwa, ndipo azakhali ankakayikira mlamu wawo wina amene anali atayamba kale kulankhula zoti nyumbayo ndi ya kuchimuna.

Atandiimbira foni anati, "Mwana wanga, mawa undiperekeze ku polisi, ndikamuneneze munthu ameneyu."

Ndinati, "Azakhali, ku polisi tipita, koma osati kukaneneza munthu amene simunamuone akutenga. Tiyambe taona kaye zimene boma likudziwa za nyumbayi."

Kuona zimenezo ndiye kuchita sechi. Mumalemba fomu, kutchula nambala ya tayitolo, kulipira, ndipo amakupatsani chikalata chosonyeza zimene zili pa tsamba la malowo lero lino. Aliyense angathe kuchita sechi, si mwini yekha. Vuto loyamba limakhala lakuti anthu ambiri nambala ya tayitolo saidziwa pamtima, ndipo inalembedwa pa pepala lomwe latayikalo. Nambala ya poloti imene ili pa geti kapena pa bilu ya madzi si nthawi zonse imafanana ndi nambala ya tayitolo. Pamenepa fufuzani mapepala ena akale: makalata okumbutsa renti ya malo ya pachaka, malisiti ake, mabilu a msonkho wa ku khonsolo, kalata ya ofa, mapepala a ngongole. Ife tinaipeza pa kalata yakale yokumbutsa renti, imene azakhali anaipinda n'kuika m'Baibulo.

Sechi inatulutsa zinthu zitatu, ndipo palibe chimodzi chimene azakhali ankachiyembekezera. Chokhazika mtima pansi chinali chakuti palibe amene anayesa kusintha kanthu: malo anali akadali m'dzina lomwe lija. Koma dzinalo linali la malemu okha, azakhali munalibe. Ndipo m'chigawo chachitatu munali ngongole ya banki ina, imene malemu anatenga pomanga nyumbayo, ikuoneka ngati ikadalipo, ngakhale banja lonse linkadziwa kuti inatha kalekale.

Ndikhale kaye pa ngongoleyi, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Mukakongola ndalama ku banki ndi chikole cha nyumba, ngongoleyo imalembedwa m'kaundula, ndipo kawirikawiri banki imasunga satifiketi yanu. Mukamaliza kubweza, ngongoleyo sifufutika yokha. Banki iyenera kusaina chikalata chomasula malowo, ndipo wina ayenera kuchitenga kukachilembetsa ku kaundula. Anthu ambiri akalipira ndalama yomaliza amangopuma, ena amalandira chikalata chomasulacho n'kukachiika m'kabati poganiza kuti nkhani yatha. Choncho sechi ikaonetsa ngongole, funso loyamba ndi lakuti kodi satifiketiyo inatayikadi, kapena ili m'sefa ya ku banki. Ndaonapo mabanja atalumbira kuti pepala linabedwa, atadana pachibale, pamene pepalalo lili bwinobwino ku banki kumene malemu analisiya. Zikatero palibe chopempha chatsopano, mumangokatenga lanu.

Tinalembera kalata ku bankiyo kufunsa zinthu ziwiri: ngati ngongole inathadi, ndiponso ngati satifiketi ili kwa iwo. Anayankha mwa kalata kuti ngongole inatha, ndipo satifiketi anaibweza kwa malemu, amene anasainira polandira. Kalata imeneyi inali ya mtengo wapatali, chifukwa inatseka funso limene mkulu wa kaundula akanafunsa ndithu. Tinawapemphanso kuti akonze chikalata chomasula malowo, popeza choyamba chija chinasowa limodzi ndi satifiketi.

Nkhani ya dzina ndiyo inatenga nthawi yaitali. Lamulo limapereka mwayi wopempha satifiketi yatsopano kwa mwini malo wolembedwa m'kaundula. Mkazi wamasiye, ngakhale atakhala m'nyumbamo zaka makumi atatu, ngakhale atanyamula yekha njerwa zake, sangangopita n'kunena kuti ndipatseni pepala la amuna anga. Akanakhala kuti analembedwa onse awiri monga eni ake pamodzi, mwa mtundu uja wakuti wina akamwalira wotsalayo amatenga zonse, chikalata cha imfa chikanakwanira kuti dzina la malemu lichotsedwe. Koma pamene dzina ndi la malemu okha, nyumbayo ndi chuma cha masiye, ndipo chimayendera lamulo la chuma cha masiye la 2011. Ngati panalibe wilu, pamafunika chikalata cha ku khoti chopatsa munthu mphamvu zoyendetsa chumacho. Chikalatacho chikatuluka, amakachilembetsa ku kaundula, ndipo woyendetsa chumayo amalembedwa pa tsamba la malowo m'malo mwa malemu. Apo m'pamene pamakhala munthu wamoyo woti n'kusaina pempho.

Azakhali izi zinawapweteka. Anati, "Ndiye kuti nyumba yanga yomwe ndikapemphe ku khoti?" Ndinawafotokozera kuti njira yomweyi ndi imene ikutsekereza mlamu wawo uja. Ngakhale atakhala kuti pepalalo ali nalo, sangachite nalo kanthu ku kaundula popanda chikalata cha ku khoti, ndipo lamulo la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana a malemu, komanso limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Ineyo ndimaona kuti apa lamulo linachita bwino kuumitsa zinthu. Kukanakhala kuti aliyense wa pabanja angathe kutulutsa satifiketi ya malemu pongonena kuti yatayika, amasiye ambiri bwenzi akugona panja.

Podikira za ku khotizo panali chinthu chimodzi chimene tinachita msanga. Munthu amene ali ndi gawo pa malo koma sanalembedwe ngati mwini angathe kuika koshoni, limene ndi chenjezo lolembedwa m'kaundula loletsa kuti pasalembetsedwe kugulitsa kapena kupinyolitsa malowo iye osadziwa. Azakhali, monga mkazi wa malemu woyenera kulandira gawo la chumacho, anaika koshoni. Ngati inuyo ndinu mwini wolembedwa ndipo mukukhulupirira kuti pepala lanu labedwa, lemberani kalata mkulu wa kaundula tsiku lomwelo, chifukwa lamulo limamupatsa mphamvu zoika chiletso pa malo pofuna kupewa chinyengo. Ingokumbukirani kuti koshoni imene mwaika nokha idzafunika kuchotsedwa mukadzafuna kupinyolitsa kapena kugulitsa. Ndipo si chida choopsezera abale: woika koshoni popanda chifukwa chomveka angathe kulipitsidwa ngati wina wataya ndalama chifukwa cha iyo.

Zonsezi zitalongosoka m'pamene tinafika pa pempho lenileni, ndipo mbali imeneyi ndi yaifupi kuposa mmene anthu amaganizira. Ku polisi mumakanena za kutayikako ndipo amakupatsani lipoti. Onetsetsani kuti pa lipotipo alemba nambala ya tayitolo molondola ndi dzina monga lilili m'kaundula. Lipoti longoti "mapepala a nyumba" silithandiza kwenikweni. Ndiponso lipoti la ku polisi silitsimikiza kuti pepala linatayika, limangotsimikiza kuti munakanena. Chimene chimalemera ndi chikalata cholumbira, chimene mumasaina pamaso pa loya kapena majisitireti.

Chikalata cholumbirachi anthu amachipeputsa, amangolemba mizere iwiri yakuti pepala linasowa ndipo sindikudziwa kumene lili. Mkulu wa kaundula lamulo limamuuza kuti akhutire ndi umboni asanatulutse satifiketi ina, ndipo mizere iwiri simukhutiritsa munthu. M'chikalata cha azakhali tinalemba kuti iwo ndi ndani ndipo akulumbira ndi mphamvu ziti, tinatchula malowo ndi nambala yake, tinanena kuti satifiketi inabwera kuchokera ku banki ndipo inkasungidwa m'chikwama cha malemu m'chipinda chogona, kuti anaiona komaliza malemu asanadwale, kuti anazindikira za kusowako pamene banki inaifunsa, ndiponso malo onse amene anafufuza ndi anthu amene anawafunsa. Za mlamu uja sitinalembemo, chifukwa polumbira munthu amanena zimene akudziwa, osati zimene akuganizira. Kenako panabwera ziganizo ziwiri zimene ndimaziona kuti ndiye mtima wa chikalatacho: kuti satifiketiyo sinaperekedwe kwa munthu aliyense ngati chikole kapena pogulitsa malowo, ndi kuti ikadzapezeka adzaibweza ku kaundula.

Chiganizo cha chikolecho chili ndi chifukwa chake. Si onse amene amati ataya satifiketi amene anatayadi. Munthu amatenga katapila, n'kusiya satifiketi ya nyumba kwa mwini ndalama. Ngongole ikakula, amaganiza zopita ku kaundula kukanena kuti pepala latayika, kuti atenge lina akagulitsire nyumbayo kapena akakongolere kwina. Wina amagulitsa poloti, n'kupereka satifiketi kwa wogula, wogulayo n'kuchedwa kusintha dzina, ndiye wogulitsa uja amatulutsa pepala lina n'kugulitsanso kachiwiri. Kulumbira zabodza chonchi ndi mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo. Ngati pepala lanu lili kwa wakatapila, silinatayike, ndipo njira yake ndi kukambirana naye kapena kupita ku khoti. Ndipo inu amene munagula malo n'kungosunga satifiketi ya m'dzina la wogulitsa, dziwani kuti m'maso mwa kaundula mwini malo akadali iyeyo.

N'chifukwa chake pamakhala chidziwitso. Mkulu wa kaundula asanatulutse satifiketi yatsopano amafuna kuti nkhaniyo ilengezedwe, ndipo mwina munaonapo timabokosi totere m'nyuzipepala, totchula nambala ya tayitolo ndi dzina la mwini, n'kunena kuti amene ali ndi chotsutsa abwere asanathe masiku akutiakuti. Mtengo wa chilengezocho umakhala wa wopempha. Funsani ku kaundula mawu enieni oti alembedwe ndi kumene akufuna chitulukire, musanalipire ku nyuzipepala, chifukwa nambala imodzi ikalakwika chilengezocho chimakhala cha malo a munthu wina ndipo mumayambiranso. Chikatuluka, gulani nyuzipepalayo ndi kusunga tsamba lonse, loonetsa deti pamwamba, osati kudula kabokosi kokha. Dobadoba amene akuti akutulutsirani satifiketi m'masiku atatu akukuuzani kuti adumpha chilengezo kapena akupangirani pepala labodza, ndipo zonse ziwirizi zidzaonekera tsiku limene banki kapena loya wa wogula adzachite sechi.

Mlamu uja chilengezocho anachimva, ana anaonetsetsa kuti amuuza. Sanabwere kudzatsutsa, ndipo mpaka lero palibe akudziwa ngati pepalalo linali kwa iye kapena linangopita ndi zinyalala za pamaliro. Akanabwera nalo, zikanakhala zabwinonso, chifukwa likanangobwerera kwa woyendetsa chuma popanda kutulutsa lina.

Panali tina tiwiri tating'ono timene tinatsala pang'ono kutikhumudwitsa. Koyamba ndi renti ya malo. Lizi ya boma imakhala ndi renti ya chaka ndi chaka, ndipo chimwalirireni malemu palibe amene ankalipira, popeza makalata okumbutsa ankapita ku bokosi la ku positi la kuntchito kwawo. Fayilo ikangotsegulidwa, ngongole yoteroyo imaonekera, ndipo ndi bwino kuifunsa nokha poyambirira kuti muikonzekere. Kachiwiri ndi kalembedwe ka dzina. Malemu analembetsa malowo kalekale, zitupa za unzika za 2017 zisanabwere, ndipo m'kaundula munali dzina lawo lachikhristu ndi la bambo awo, pamene pa chikalata cha imfa panali dzina la mfunda. Kwa ife apabanja ndi munthu mmodzi, koma kalaliki amene sanawaonepo akuona anthu awiri. Panafunika chikalata china cholumbira chonena kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi, ndi mapepala akale a kuntchito osonyeza mayina onse pamodzi. Ngati muli moyo ndipo dzina la pa chitupa chanu likusiyana ndi la pa satifiketi, kakonzeni panopa inu mwini mukadatha kusaina.

Pa za ndalama ndingonena kuti mitengo ya ku kaundula imasintha, choncho ifunseni pa kauntala, ndipo chilichonse chimene mwalipira chikhale ndi lisiti ya boma. Mbali yaikulu ya ndalama za azakhali sinapite ku satifiketi, inapita ku za ku khoti, renti yotsalira ndi chilengezo. Pepala lililonse limene mukupereka, yambani mwalijambulitsa, ndipo pa kope yanuyo apadinde kuti alandira, ndi deti lake.

Kodi pamafunika loya? Ngati ndinu mwini wolembedwa, muli moyo, dzina likugwirizana, ndipo sechi yatuluka yoyera, pempholi mungathe kuliyendetsa nokha, loya n'kumufuna polumbira pokha. Chimodzimodzi ngati pepala silinasowe koma lawonongeka, monga zinachitikira mabanja ambiri ku Blantyre pa namondwe wa Freddy mu 2023: musataye zotsalazo, ngakhale zitafufutika ndi matope kapena kudyedwa ndi chiswe, pitani nazo, chifukwa ndi umboni woposa lumbiro lililonse. Koma pakakhala imfa, ngongole yosafufutidwa, koshoni ya munthu wina, kapena mwini ali kunja, kaya ku Joni kaya ku Mangalande, pezani loya. Amene ali kunja sangangotuma mbale wake ndi uthenga wa pa foni. Ayenera kulumbira komweko pamaso pa munthu wovomerezeka, kapena kupereka mphamvu kwa wina kudzera m'chikalata chimene nachonso chimalembetsedwa ku kaundula.

Satifiketi yatsopano ikatuluka, iwerengeni musanachoke pa kauntala: dzina, nambala ya tayitolo, kukula kwa malo, zaka za lizi ndi deti loyambira. Zaka za lizi siziyambiranso chifukwa pepala ndi latsopano, zimapitirira kuwerengedwa kuchokera pa deti loyamba lija. Ya azakhali inatuluka m'dzina lawo monga woyendetsa chuma cha malemu, chigawo cha ngongole chili choyera. Kukhala woyendetsa chuma sikunawasandutse mwini wa zonse, chifukwa ana nawonso ali ndi gawo lawo, ndipo asanapinyolitse nyumbayo anayenera kukhala nawo pansi kuti agwirizane. Koshoni ija anaichotsa okha pa nthawi imeneyo.

Yakale ija ikadzapezeka tsiku lina pansi pa matiresi kapena m'thumba la jekete la malemu, si yoti n'kusunga ngati yapadera. Lamulo limati iperekedwe kwa mkulu wa kaundula kuti aiphe, ndipo azakhali analumbira kuti adzatero. Amene angaigwiritse ntchito pokongola kapena pogulitsa, podziwa kuti inalowedwa m'malo, akuchita chinyengo.